Shopu yaing'ono, bandulo yaing'ono: WhatsApp, Facebook kapena TikTok?

Amene ali ndi shopu yaing'ono amauzidwa zambiri. Wina akuti tsegulani tsamba pa Facebook, wina akuti masiku ano anthu onse ali pa TikTok, mwana wa mchemwali akuti popanda Instagram bizinesi sioneka yapamwamba. Onsewa amanena ndi mtima wabwino, koma palibe mmodzi wa iwo amene adzakhala pa kauntala kuyankha mauthenga kwinaku akupereka chenji. Palibenso amene adzagula bandulo ikatha mwezi uli pakati. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikaona munthu wogwira ntchito yekha atatsegula maakaunti anayi, iliyonse ili ndi zithunzi zitatu za miyezi yapitayo, ndipo pansi pake pali funso la kasitomala lomwe silinayankhidwe. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Maganizo anga ndi akuti funso loti "ndi malo ati otchuka?" silithandiza mwini shopu. Funso lothandiza ndi ili: kodi vuto langa ndi loti amene amandidziwa kale sabweranso, kapena ndi loti anthu atsopano sakundipeza? Izi ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo mapulogalamuwa anapangidwa mosiyana pa nkhani imeneyi. WhatsApp imafikira anthu amene muli nawo kale. Facebook, Instagram ndi TikTok zimatha kukuonetsani kwa alendo, koma iliyonse imalipiritsa mwa njira yake, kaya ndi nthawi, deta kapena ndalama. Mukadziwa ntchito imene mukufuna, theka la chisankho lachitika.

Kuti tisamangolankhula m'malere, tiyerekeze mayi wina amene amagulitsa nsapato ndi zovala za ana. Amagwira yekha ntchito. Foni yake ndi ya Android, yotsika mtengo, yosachedwa kudzaza. Pa mwezi angakwanitse bandulo ya 1 GB yokha, ndipo pa tsiku angapatule mphindi 30 zogwira foni, osati nthawi imodzi, koma apa ndi apo kasitomala akachoka. Makasitomala ake ambiri ndi makolo okhala kapena kugwira ntchito pafupi ndi shopuyo. Ana amakula, nsapato zimathina, choncho amene wagula lero adzafunanso china pakapita miyezi ingapo.

Tiyambe ndi masamu a deta, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amanamizika. 1 GB ndi pafupifupi 1,000 MB. Mukagawa ndi masiku 30, mayiyu ali ndi 33 MB pa tsiku. Uthenga wolemba sudya kanthu koti n'kuwerengera. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimayamba chafinyidwa pa foni pomwepo, moti kawirikawiri sichifika ngakhale theka la MB imodzi. Zithunzi zinayi pa tsiku ndiye kuti 2 MB sizikwana n'komwe. Koma vidiyo ya mphindi imodzi yojambulidwa pa 1080p imatha kulemera pakati pa 60 MB ndi 130 MB ili pa foni. Mapulogalamu amaifinya isanapite, komabe imakhala yolemera kuposa zithunzi zambirimbiri, ndipo netiweki ikaduka pakati mumayambiranso.

Komabe chimene chimamaliza bandulo si kuika zinthu zanu. Ndi kuonera za ena. TikTok mukangoitsegula vidiyo yayamba kale kusewera, ndipo ina ikutsitsidwa kuseri kudikira kuti mukankhe chala. Instagram nayo imakukokerani ku mavidiyo. Ola limodzi lotere limatha kudya ma MB mazana angapo. Mwini shopu amalowa ndi cholinga choona ngati wina wafunsa mtengo, n'kutuluka patapita mphindi makumi awiri, deta ya masiku angapo itapita. Sindikunena izi monyoza munthu. Mapulogalamuwa anapangidwa dala kuti munthu asatuluke msanga, ndipo amene ali ndi 33 MB pa tsiku ayenera kuwerengera khalidwe limenelo ngati mbali ya mtengo wake.

Kwa mayi wathuyu, ine ndingasankhe WhatsApp Business kukhala likulu la zonse. Pulogalamuyi inatuluka mu January 2018, ndi yaulere, ndipo kasitomala safunika kuika china chilichonse pa foni yake. Amakulemberani ndi WhatsApp yake yomweyo. Chifukwa chachikulu chimene ndimaikondera ndi chakuti malonda amathera pa kukambirana. Kaya munthu wakuonani pa Facebook kapena pa TikTok, pamapeto pake amafunsa kuti "saizi 28 ilipo?", "yakuda bwanji?", "mundisungireko mpaka Lachisanu." Zokambirana zimenezi zimafuna malo amodzi, osavuta, oyenda ngakhale netiweki ili yofooka.

Musanasamuke dziwani chinthu chimodzi: nambala imodzi singakhale pa WhatsApp wamba ndi pa WhatsApp Business nthawi imodzi. Mukasamutsa nambala yanu yakale, macheza anu amasamuka nawo, koma yambani mwasunga kaye kope lake pa `Chat backup`. Ngati muli ndi laini yachiwiri, ndi bwino kwambiri kuipereka ku shopu, chifukwa mapulogalamu awiriwa amatha kukhala pa foni imodzi ndi manambala osiyana. Zikatero nkhani za pabanja sizisakanikirana ndi maoda, ndipo makasitomala saona zithunzi zimene munafuna kuti aone abale okha.

Mu WhatsApp Business muli zida zingapo, koma mayiyu akufunika zitatu zokha poyamba. Choyamba ndi `Catalog`, m'ndandanda wa katundu wanu, yomwe inabwera mu 2019 ndipo imalola katundu mpaka 500. Iye asavutike kuika 500. Aike zinthu khumi ndi zisanu kapena makumi awiri zomwe zimayenda kwambiri, chilichonse ndi chithunzi, mtengo ndi masaizi omwe alipo. Ubwino wake ndi woti chithunzi chimakwezedwa kamodzi kokha. Munthu akafunsa kuti "muli ndi chiyani cha mwana wa zaka zitatu?", satumizanso zithunzi khumi zomwezo kwa munthu aliyense payekha, amangotumiza kachidutswa ka m'ndandandawo. Deta yapulumuka, nthawi yapulumuka. Vuto lake n'loti m'ndandanda umakalamba. Nsapato ikatha koma ikuonekabe, kasitomala amabwera n'kubwerera wokhumudwa, ndipo ulendo wina sakhulupiriranso. Choncho tsiku limodzi pa sabata, mphindi khumi zipite pochotsa zomwe zatha.

Chachiwiri ndi `Quick replies`. Mafunso a makasitomala amabwerezabwereza: muli pati, mumatseka nthawi yanji, ndilipire bwanji, mumabweza katundu? Yankho lililonse mumalilemba kamodzi bwinobwino, n'kulipatsa dzina lalifupi. Tsiku lina wina akafunsa, mumangolemba chizindikiro cha `/` ndipo mayankho anu amatulukira kuti musankhe. Kwa munthu amene dzanja lina lagwira katundu, kusiyana kwa masekondi asanu ndi mphindi ziwiri n'kwakukulu. Palinso `Away message`, uthenga umene umapita wokha nthawi imene mwatseka. Ulembedwe moona mtima: tatseka, tiyankha mawa m'mawa nthawi yakuti. Munthu amene wauzidwa nthawi amadikira. Amene wangosiyidwa chete amapita kwina.

Chachitatu, chomwe ndi mtima wa nkhani yonse, ndi `Status`. Chimene mwaika pamenepo chimakhala maola 24 kenako n'kuchoka chokha. Anthu amayang'ana pa `Status` mwakufuna kwawo, choncho simukuwasokoneza ngati mmene uthenga wolunjika umachitira. Koma pali lamulo limene eni mashopu ambiri salidziwa, ndipo ndi limene limapha khama lawo lonse: munthu amaona `Status` yanu pokhapokha inu mwasunga nambala yake ndipo iyenso wasunga yanu. Mbali imodzi yokha siikwanira. Mungakhale ndi manambala 400 m'foni, koma ngati amene anasunga yanu ndi 30, ndiye kuti mukulankhula ndi anthu 30.

Izi zikutanthauza kuti ntchito yaikulu ya WhatsApp sichitikira pa foni, imachitikira pa kauntala. Kasitomala akamalipira, mayi uja anene kuti: "Mayi, katundu watsopano akafika ndimaika pa foni. Tasungani nambala ya shopu, kenako mundilembere moni pompano kuti nanenso ndisunge yanu." Zichitike iye ali pomwepo, chifukwa akangotuluka aiwala. Posunga, alembe dzina mothandiza, mwachitsanzo dzina la kholo, kenako "mtsikana saizi 26". Pakapita miyezi isanu, katundu wa saizi 28 akafika, akudziwa woti amulembere. Palibe pulogalamu yotsatsa malonda imene ingadziwe phazi la mwana wa kasitomala wanu kuposa mmene inu mungalidziwire mwa njira imeneyi. Ngati asunga manambala atatu pa tsiku, masiku 26 ogwira ntchito pa mwezi, ndiye kuti anthu 78 pa mwezi, onse oti anatulutsapo kale ndalama m'shopumo.

Kuti kusunga kusavute, WhatsApp Business imapereka kachizindikiro ka QR komwe mungasindikize n'kumata pa khomo. Palinso ulalo wachidule womwe mungaike paliponse pa intaneti:

```
https://wa.me/nambala
```

M'malo mwa mawu akuti nambala mumalemba nambala yanu kuyambira ndi manambala oimira dziko lanu, popanda `+`, popanda ziro woyambirira, popanda mipata. Munthu akadina, amafikira m'macheza ndi inu. Ulalowu tiubwereranso tikafika pa Facebook.

Pa `Status` payikidwe chiyani? Zithunzi zitatu kapena zinayi pa tsiku, osati makumi awiri. Munthu akaona timizere tambirimbiri pamwamba amadumpha, ndipo akatopa amabisa `Status` yanu kuti asamaionenso, inu osadziwa. Chithunzi chijambulidwe pafupi ndi khomo kapena zenera kumene kuli kuwala kwa dzuwa, katundu mmodzi pa nsalu yopanda maluwa, galasi la kamera litapukutidwa. Mtengo ndi saizi zilembedwe pa chithunzi pomwepo. Ndikudziwa kuti ena amabisa mtengo dala kuti anthu afunse. Kwa munthu wa mphindi 30 pa tsiku imeneyi ndi njira yodzipweteka, chifukwa mphindi zonsezo zidzathera poyankha "zingati?" kwa anthu amene akanaona mtengo sakanafunsa n'komwe. Pansi pa `Status` iliyonse pamaoneka chiwerengero cha amene aona, bola ngati simunazimitse `Read receipts`. Chiwerengerocho muzichiyang'ana sabata ndi sabata. Chikamatsika pamene manambala akuchuluka, ndiye kuti mukuika zambiri kapena mukubwereza zomwezo.

Pali njira zina ziwiri zofikira anthu ambiri pa WhatsApp, ndipo zonse zili ndi msampha. `Broadcast` imatumiza uthenga umodzi kwa anthu mpaka 256, aliyense n'kuulandira ngati wake yekha, koma nayonso imafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Mukaona uthenga wakhala ndi kachongi kamodzi masiku angapo kwa munthu amene foni yake ikugwira ntchito, mwina sanakusungeni. Muziigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, katundu wamkulu akafika, chifukwa anthu ambiri akakutsekani kapena kukunenezani, nambala yanu ikhoza kuletsedwa. Gulu la makasitomala ndiye sindilikonda n'komwe. Aliyense amaona nambala ya mnzake, wina amayamba kutsatsa katundu wake momwemo, dandaulo la munthu mmodzi limawerengedwa ndi onse. Ngati mwalitsegula kale, likonzeni kuti olemba akhale oyang'anira gulu okha.

Tsopano malire ake, chifukwa alipo ndipo ndi aakulu. WhatsApp sikubweretserani mlendo. Munthu amene sakudziwani alibe njira yodziwikiratu yokupezerani mmenemo. Ngati shopu ili pa malo odutsa anthu ambiri, khomo lenilenilo ndi limene limabweretsa atsopano, ndipo WhatsApp yokha ikhoza kukwanira. Koma ngati shopu ili kuseri, kapena yangotsegulidwa kumene, manambala atatu pa tsiku sapezeka. Apa ndi pamene pamafunika malo achiwiri, amodzi okha, ogwira ntchito imodzi: kubweretsa munthu watsopano n'kumupereka ku WhatsApp.

Kwa mayi wa nsapatoyu, malo achiwiriwo ndi Facebook, koma osati mmene ambiri amaganizira. Ambiri amatsegula tsamba la bizinesi, n'kuitana abale ndi anzawo kuti alikonde, kenako n'kudabwa kuti chithunzi chikuonedwa ndi anthu ochepa. Si kuti mwalakwitsa kanthu. Mu January 2018 Mark Zuckerberg analengeza kuti Facebook iziika patsogolo zolemba za abale ndi abwenzi kuposa za masamba a mabizinesi ndi ofalitsa nkhani. Kukhala ndi otsatira 1,000 sikutanthauza kuti anthu 1,000 aona zimene mwaika. Amaona ndi gawo lochepa chabe. Tsamba likhalepo ndithu, likhale ndi malo a shopu, nthawi yotsegula, zithunzi zabwino zochepa ndi ulalo uja wa WhatsApp, kuti munthu wofufuza atsimikize kuti shopuyo ilipodi. Koma musaliyembekezere kuti likhale lobweretsa anthu.

Amene amabweretsa anthu ndi magulu a m'dera ogulitsa ndi kugula, magulu a makolo, ndiponso `Marketplace`, msika wa pa Facebook pomwepo, kumene ilipo, poti si maiko onse amene ali nayo. Kusiyana kwake n'koti munthu amene walowa m'gulu la malonda la m'dera lake wabwera kale ndi maganizo ogula, ndipo ali pafupi. Mayiyu asankhe magulu awiri kapena atatu amene akuoneka amoyo. Gulu lamoyo silidziwika ndi kuchuluka kwa mamembala. Tsikani pansi muone zolemba za dzulo: kodi pansi pake pali anthu ofunsa mitengo, kapena ndi ogulitsa okhaokha akuunjikana popanda woyankha? Gulu la anthu 5,000 lokhala ndi mafunso limaposa la anthu 200,000 lopanda ndemanga. Awerenge malamulo a gululo, aike katundu kawiri pa sabata, zithunzi zomwe zija anajambulira `Status`, mtengo, dera, ndi ulalo wa WhatsApp. Asamate uthenga umodzimodzi m'magulu khumi motsatizana, chifukwa Facebook imaona zimenezo ngati kusokoneza ndipo imatha kumuletsa kulemba kwa kanthawi.

Pa `Marketplace` konzekerani uthenga wakuti `Is this still available?` Umabwera wolembedwa kale, munthu amangodina, choncho ambiri outumiza sanaganize n'komwe zogula. Musataye mtima kapena nthawi. Yankho likhale limodzi lalifupi: ilipo, mtengo ndi wakuti, tilembereni apa. Amene wawoloka n'kufika pa WhatsApp ndiye woyenera mphindi zanu.

Pa nkhani ya deta, pali Facebook Lite, yomwe inatuluka mu 2015 poganizira mafoni ang'onoang'ono ndi netiweki yofooka. Imatenga malo ochepa ndipo imadya pang'ono. Muzimitse mavidiyo oyamba okha, mulowe, muike katundu, muyankhe, mutuluke.

Za Instagram ndinena mwachidule. Imayenera katundu amene amagulidwa ndi maso, monga zovala zosoka mwaluso, tsitsi, zokongoletsa m'nyumba, ndipo imafuna zithunzi zooneka bwino mosalekeza. Ulalo wolembedwa pansi pa chithunzi sudinika, choncho njira yochokera pa chithunzi kufika pa kukambirana ndi yotalikirapo. Ngati makasitomala anu eniake ali kumeneko, ilowe m'malo mwa Facebook, osati kuwonjezera pamwamba pake. X ndi LinkedIn zisiyeni. Si kumene kholo limafunafuna nsapato ya mwana.

TikTok ndiyo imafuna kuilankhula mwachilungamo, chifukwa ili ndi mphamvu yaikulu. Tsamba lake la `For You` limaonetsa vidiyo kwa anthu amene sakutsatirani, moti munthu wopanda otsatira akhoza kuonedwa ndi anthu zikwizikwi. Zimenezi zimachitikadi. Funso ndi loti anthuwo ali kuti. Ngati vidiyo ya mayi wathu yaonedwa ndi anthu 20,000 omwazikana m'mizinda yakutali ndi maiko ena, pamene iye alibe njira yotumizira katundu kutali, phindu lake ndi chisangalalo cha tsiku limodzi. Kuwonjezera apo, vidiyo imafuna kujambula, kudula, kubwereza, ndipo imodzi yokha siikwanira. Pamafunika kuika kawirikawiri. Mphindi 30 ndi 33 MB sizingapirire zimenezo. TikTok imayenera mwini shopu amene angatumize katundu kutali, amene phindu la chinthu chimodzi ndi lalikulu ndithu, amene ali ndi pofikira Wi-Fi, ndiponso amene kulankhula pa kamera sikumulemera. Zinthu zinayizi zikakhalapo, yesani. Zikasowa ziwiri, dikirani.

Tsiku la mayiyu likhoza kuyenda motere. M'mawa asanatsegule, mphindi khumi: kujambula zinthu zinayi, kulemba mitengo, kuika pa `Status`, kuyankha mauthenga a usiku. Masana mphindi khumi zoyankha, zogawidwa m'mipata. Madzulo mphindi khumi: kuyankha otsala, kusunga manambala atsopano, ndipo kawiri pa sabata kuika katundu m'magulu a Facebook. Kuti 33 MB ikwane, alowe mu `Settings`, kenako `Storage and data`, ndipo pa `Media auto-download` achotse zonse pa deta ya foni. Akapanda kutero, mavidiyo onse otumizidwa m'magulu a abale ndi anzake azitsika okha ndi bandulo ya shopu. Pamalo omwewo pali `Network usage`, poonetsa zimene WhatsApp yadya. M'makonzedwe a foni yeniyeniyo mulinso mndandanda wa mapulogalamu ndi deta imene iliyonse yatenga. Bandulo ikatha msanga, yang'anani pamenepo musanaimbe mlandu kampani ya netiweki. Kawirikawiri wakuba amapezeka kuti ndi pulogalamu yodzikonzanso yokha kapena zithunzi zodzikweza zokha ku malo osungira.

Nanga adziwa bwanji kuti wasankha bwino? Osati ndi malayiki. Atenge kope, alembe mizere inayi: tsiku, munthu watidziwira kuti, wafunsa chiyani, wagula kapena ayi. Munthu aliyense watsopano afunsidwe kamodzi: "Mwatidziwira kuti?" Funsoli n'lofunika chifukwa wochokera ku Facebook amafikira pa WhatsApp, ndipo mukapanda kufunsa mudzaganiza kuti Facebook sikugwira ntchito pamene ndi imene yamubweretsa. Achite izi masabata anayi athunthu, kuti masiku a malipiro ndi masiku ouma onse alowemo.

Tiyerekeze kuti pakutha pa mwezi kopelo likuti: kudzera pa `Status` anafunsa anthu 40, anagula 18, kuchokera m'magulu a Facebook anafunsa 25, anagula 4. Poyang'ana msanga Facebook ikuoneka yolephera. Koma 18 aja ndi makasitomala akale, pamene 4 awa ndi atsopano, ndipo tsopano manambala awo asungidwa. Mwezi wamawa adzawerengedwa ku `Status`. Choncho funso ndi loti anthu anayiwo adya nthawi yochuluka bwanji. Ngati ndi maola awiri kapena atatu pa mwezi, apitirize. Ngati kuyankha anthu 21 osagula aja kukuchedwetsa mayankho a makasitomala akale, achepetse: gulu limodzi lomwe labweretsa ogula litsale, enawo awasiye. Kopelo limaonetsanso matenda ena. Ofunsa ambiri koma ogula ochepa, kawirikawiri ndi mtengo wosalembedwa, kuyankha mochedwa, kapena anthu okhala kutali. Oona ambiri koma ofunsa palibe, vuto lili pa chithunzi kapena pa katundu amene wasankhidwa. Oona ochepa, ndiye manambala sanasungidwe mbali zonse ziwiri.

Batani la `Boost post`, lotsatsira molipira pa Facebook, lidzayamba kukunyengererani tsiku lomwe mwatsegula tsamba. Ine ndimati musalikhudze mpaka kope lija litasonyeza katundu amene amagulika popanda kulipira, chifukwa ndalama sizisandutsa chithunzi chosakopa kukhala chokopa, zimangochionetsa kwa anthu ambiri. Nthawi ikakwana, masamu ake ndi osavuta. Ngati ndalama yotsatsira ikufanana ndi phindu la mapeya asanu a nsapato, kutsatsako kuyenera kugulitsa mapeya oposa asanu kwa anthu amene sakanabwera mwa njira ina. Sankhani cholinga cha kulandira mauthenga, osati malayiki. Chepetsani dera kuti likhale mtunda umene munthu angayende kubwera ku shopu. Ikani tsiku lothera, ndipo onetsetsani ngati ndalama imene mwalemba ndi ya tsiku lililonse kapena ya nthawi yonse, chifukwa apa ndi pamene anthu amadzidzimuka ndalama zitachotsedwa zoposa zimene amayembekezera.

Chinthu chomaliza chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa bizinesi yonse ikakhala pa nambala imodzi, nambalayo imasanduka chuma chofunika kulondera. Akuba amayesa kulembetsa nambala yanu pa foni yawo, ndipo WhatsApp imatumiza kwa inu manambala asanu ndi imodzi otsimikizira. Kenako wina amakulemberani, nthawi zina ndi akaunti ya mnzanu yomwe yabedwa kale, kuti watumiza manambalawo kwa inu molakwitsa, mumubwezere. Mukangopereka, akaunti yapita, ndipo makasitomala anu ayamba kulandira mauthenga opempha ndalama m'dzina la shopu yanu. Manambala amenewo saperekedwa kwa munthu aliyense. Yatsani `Two-step verification` lero lomwe, mu `Settings` pansi pa `Account`, ndipo muikepo imelo yoti idzakuthandizeni mukaiwala. Pewaninso mapulogalamu osavomerezeka onga GB WhatsApp, chifukwa amachititsa kuti nambala iletsedwe. Chithunzi chosonyeza kuti munthu walipira si ndalama. Katundu atuluke mutaona nokha kuti ndalama yalowa. Ndipo kumapeto kwa kope lija, mayi wathu alembe ndi cholembera maina ndi manambala a makasitomala makumi asanu amene amagula kawirikawiri, pamodzi ndi masaizi a ana awo, n'kuwonjezera atsopano mwezi uliwonse, kuti foni ikatayika kapena akaunti ikatsekedwa akhale ndi anthu oti awaimbire sabata yomweyo.